Temberero lochotsa ndi ndalama silimatha kuchoka

Aneneri ndi asing'anga ena akudya anthu osauka masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo chomwe chimandiwawa nchakuti ambiri mwa odyeredwawo amazindikira katundu atatha kale m'nyumba. Sindikufuna tikangane zoti ufiti ulipo kapena kulibe, kapena zoti Mulungu amachiritsa kapena ayi. Ine ndimapemphera, ndipo mankhwala azitsamba ndinamwapo ngati wina aliyense wokulira kumudzi. Nkhani yanga ndi ya munthu amene wakhala pampando kutsogolo kwa papa kapena kwa ang'anga, wauzidwa kuti pali temberero pa iwe ndipo kuti lichoke ubweretse zakutizakuti. Munthu ameneyo adziwa bwanji kuti apa akundithandiza, apa akundibera?

Anthu ambiri amayankha mwachidule kuti wa Mulungu weniweni salandira ndalama, basi. Ine yankho limeneli ndimaliona kuti ndi loperewera. Abusa amadya, ali ndi ana asukulu, tchalitchi chimafuna malata ndi magetsi, ndipo Paulo yemwe analemba pa 1 Akorinto 9 kuti olalikira uthenga azipeza zosowa zawo kuchokera mu uthengawo. Sing'anganso amayenda mtunda kukakumba mizu, nthawi zina tsiku lonse. Komanso zaulere sikuti zonse nzabwino. Mu 1995 bambo Billy Chisupe aku Machinga kufupi ndi Liwonde ankamwetsa anthu mchape ponena kuti umachiza Edzi, anthu anakhamukirako miyandamiyanda pa malole ndi mabasi, mchapewo sankagulitsa, koma Edzi sinathe. Ndiye kungoona kuti ndalama yadutsa kapena sinadutse sikukwanira. Chofunika kuona ndi mmene ndalamayo ikufunsidwira, nthawi yomwe ikufunsidwa, ndi chomwe akuti chikuchitikira ukapanda kupereka.

Makolo athu nkhani imeneyi anaikonza bwino kuposa mmene tikuchitira lero. Ukapita kwa sing'anga unkapereka chipondamthengo, kandalama kochepa koti akalowere kutchire kukafuna mankhwala. Malipiro enieni, kaya nkhuku kaya mbuzi, ankabwera wodwala akachira. Akapanda kuchira sing'anga ankanena yekha kuti apa zandikanika, kayeseni kwina. Taonani mmene zinalili, sing'angayo nayenso anali ndi chotaya, ntchito ikalephereka mbuzi saiona, ndipo amene ankagamula kuti ndachira anali wodwala ndi abale ake. Lero zatembenuzika. Munthu mmodzi yemweyo ndi amene akupeza vuto lako, yemweyo akutchula mtengo, yemweyo akugulitsa mankhwala ake, ndipo yemweyonso ndi amene adzanene ngati zatheka kapena ayi. Iwe ulibe poonera chifukwa temberero silioneka ndi maso, sungakaliyezetse kwina, ndipo ndalama wapereka kale zonse zisanayambe. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Ndikuuzeni za mayi wina woyandikana naye nyumba, dzina ndisunga, wa geni ya kaunjika. Anapita padera kawiri motsatizana, geni nayo inali ikulowa pansi chifukwa belo inakwera mtengo. Mnzake anamutengera ku tchalitchi china cha uneneri. Pakhomo ma asha anamupatsa kapepala koti alembe dzina, kumudzi kwawo, dzina la amuna ake ndi vuto lomwe wabwera nalo, akuti ndi za pemphero. Mapemphero ali mkati papa anaima nkuyamba kunena kuti ndikuona mayi wochokera ku boma lakutilakuti, mimba zako zikuchoka, pali munthu anakumanga. Mayi uja anagwa pansi akulira, poti zonse zinali zoona. Sanakumbukire nkomwe kuti zonsezo anali atazilemba yekha pakapepala maola awiri apitawo, ndipo olo akanakumbukira, munthu amene wataya ana awiri saganiza ngati wapolisi wofufuza milandu.

Atatha mapemphero anauzidwa kuti nkhani yake ndi yaikulu, ikufunika kuonana ndi papa pawekha, ndipo kuonana pawekhako ndi K20,000. Anapereka. Mkatimo anauzidwa kuti temberero ndi la kuchimuna, agule mafuta odzoza a K15,000 azidzola pamimba masiku asanu ndi awiri. Kabotolo kake kakang'ono ngati ka mankhwala a m'maso, mkati mwake mafuta ophikira amene tonse timawadziwa. Masiku atatha anabwerera, papa nkuti mzimu wake ndi wamakani, wakana mafuta, pakufunika nsembe yothyola guwa la kwa amuna ako, K150,000, ndipo ifike lisanathe sabata chifukwa ndikuona bokosi la maliro m'nyumba mwako. Anamuuzanso kuti amuna ako usawauze, mdani ali pafupi nawo, akamva zonse ziwonongeka.

Mpamba wa geni unali utatha kale, ndiye anakatenga katapila K200,000, chiwongoladzanja theka pamwezi. Tawerengani nokha, mwezi ukatha ngongole ndi K300,000, akalephera kubweza mwezi winawo yafika K450,000. Nsembe anapereka, gulu la tchalitchi linabwera kunyumba usiku amuna ake ali ku ntchito ya ulonda, anazungulira nyumba akupemphera, mnyamata wina anakumba kuseri kwa bafa nkutulutsa kabotolo kokulunga nsalu yakuda muli tsitsi ndi singano. Dothi la pamenepo linali lofewa, khasu linangolowa kamodzi, pamene bwalo lonselo ndi louma gwaa mwezi wa Okutobala. Ndipo anyamata omwewo anali atabwerako dzulo lake masana akuti kudzaona malo. Kenako papa ananena kuti amene anakwirira ndi apongozi ake aakazi.

Patapita miyezi ingapo anaimanso, ndipo mimba ija inachokanso. Atapita kukanena, yankho linali lakuti chikhulupiriro chako chinachepa, unapereka ukudandaula mumtima, guwa lina latsala kumudzi, tiyambirenso. Apa ndi pamene mchemwali wake anamukoka dzanja kupita naye kuchipatala cha boma. Anamuyeza magazi nkupeza chindoko, matenda amene munthu amatha kukhala nawo zaka osamva kuwawa paliponse koma amachotsa mimba kapena kupha mwana m'mimba. Mankhwala ake ndi jakisoni wa penisilini, iye ndi amuna ake onse, ndipo sanalipire kanthu. Ngongole ija anamaliza kubweza atagulitsa makina osokera ndi matiresi, ndipo mpakana lero sayankhulana ndi apongozi ake, gogo amene sanalakwe chilichonse.

Nkhani imeneyi mukaiyang'ana bwino, chinyengo sichinali pa K20,000 yoyamba ija, olo kuti nayonso ndi yokayikitsa. Chinali pa kayendedwe kake. Mtengo sunanenedwe wonse pachiyambi, unkabwera pang'onopang'ono, ndipo sitepe iliyonse inali yokwera kuposa yapitayo. Izi amachita dala. Munthu ukapereka K35,000 zimakuvuta kusiya, umati ndikasiya pano ndiye kuti ndataya zonse, bola ndimalize. Ndipo ukapereka K185,000 kuvomera kuti andipusitsa kumawawa kuposa kuperekanso ina. Choncho funso loyamba lomufunsa munthu wotere ndi losavuta, zonse pamodzi zikwana zingati, ndipo zidzatha liti? Wachilungamo amayankha. Wakuba amakwiya, kapena amati zimenezo ndi za mzimu sitingadziwiretu.

Funso lina ndi lakuti zikapanda kutheka wolakwa adzakhala ndani. Mukamva kuti zikatheka ndi mphamvu ya papa, zikakanika ndi chikhulupiriro chako chochepa, dziwani kuti mwalowa malo oti mwini wake sangaluze. Kwa asing'anga achinyengo nyimbo yake ndi yomweyi, amangosintha mawu, amakupatsa zizimba ndi malamulo oti munthu sungawakwanitse, usayang'ane m'mbuyo, usapereke moni kwa aliyense mpaka kunyumba, usadye zamchere, ndiye zikakanika amati unaphwanya mwambo, bweretsa mbuzi ina. Aja ochulukitsa ndalama ndiye amachita kunyanya, amakupatsa chikwama chomanga nkuti usatsegule mpaka masiku atatu, ukatsegula upeza mapepala odula, ukawaimbira foni akuti unatsegula msanga, mawa lake nambala siikupezekanso. Munthu woti amatha kuchulukitsa ndalama angafunenso K100,000 yako ya chani?

Koma chachikulu kwa ine ndi mantha. Pali kusiyana pakati pa chopereka ndi dipo. Chopereka umapereka wekha, mmene wafunira, ndipo ukapanda kupereka pemphero umalandirabe. Dipo ndi lija amati pereka apo ayi mwana wako afa Lachisanu. Munthu akakuikira tsiku, nkukuonetsa bokosi la maliro, nkukuletsa kuuza amuna ako kapena akazi ako kapena abusa a mpingo wako wakale, akudziwa kuti ukagona tulo kawiri nkufunsa munthu mmodzi woganiza bwino, ndalamayo sapeza. Changu ndi chinsinsi ndi zida zomwezija amagwiritsa ntchito akuba apafoni aja amati mwana wanu wachita ngozi tumizani ndalama pompano. Palibe dalitso limene limaopa kuti mkazi akambirane kaye ndi mwamuna wake.

Ndikudziwa zimene ena anene, ndazimva kambirimbiri. Usakhudze odzozedwa anga. Iwe ndiwe ndani woweruza munthu wa Mulungu. Chabwino, tiyeni titsegule Baibulo lomwelo. Pa 2 Mafumu 5 Namani anabwera kwa Elisa ndi siliva, golide ndi zovala, atachira khate anachonderera kuti mneneri alandire mphatso, Elisa anakana. Gehazi mnyamata wake ndi amene anathamangira m'mbuyo nkukanama kuti atengeko, ndipo khate lija linamugwera iyeyo. Pa Machitidwe 8 Simoni anafuna kugula mphamvu ya Mzimu ndi ndalama, Petro anamuuza kuti atayike pamodzi ndi ndalama zakezo. Mika 3 imadzudzula aneneri olosera chifukwa cha ndalama, amene amalalikira mtendere kwa wowapatsa chakudya, nkumuopseza nkhondo amene sanawapatse. Ndipo Yesu potuma ophunzira ake kukachiritsa ndi kutulutsa ziwanda, pa Mateyu 10, anawauza kuti analandira kwaulere, apereke kwaulere. Ndiye kufunsa mafunso si kunyoza Mulungu, Baibulo lomwelo pa 1 Yohane 4 limatiuza kuti tiziyesa mizimu chifukwa aneneri onyenga alipo ambiri. Kusamalira m'busa ndi udindo wa mpingo, zoona, koma kusamalira m'busa ndi kugula pemphero ndi zinthu ziwiri zosiyana. Koyambako mpingo umakhala pansi, pali komiti, msungichuma amawerenga lipoti pamaso pa anthu. Kwinako ndalama imapita pa nambala ya foni ya papa, ndipo ukafunsa kuti inagwira ntchito yanji akuti uli ndi mzimu woukira.

Ena amati nanga maumboni aja, anthu amaima kutsogolo nkunena kuti ndinabzala mbewu ya K50,000 ndipo sabata yomweyo ndinapeza ntchito. Sindikuti onse amanama, ena ntchito anaipezadi. Koma pa anthu mazana amene anabzala tsiku limenelo, ndi zachidziwikire kuti wina apeza ntchito, wina akwatiwa, wina achira malungo, olo akanapanda kubzala. Maikolofoni amapatsidwa kwa mmodzi uja zamuyendera. Ena onse aja zawakanika amakhala phee pa benchi akudziimba mlandu, kapena anasiya kubwera, ndipo palibe amawaitana kuti adzapereke umboni wa mbuzi zawo zomwe zinapita. Komanso maumboni ena ndi ochita kukonza. Ku Kenya mu 2014 atolankhani a pa kanema anaulula mmene m'busa wina, Victor Kanyari, ankauzira anthu kuti atumize mbewu ya mashilingi 310, ndipo anaonetsa anthu ochita kuphunzitsidwa maumboni, ndi mankhwala ena amene akakhudza madzi amafiira, anthu nkumaona ngati magazi akutuluka m'mapazi posambitsidwa. Zofukula mabotolo kuseri kwa bafa ndi mtundu womwewo, chimodzimodzi aja amatema mphini nkuyamwa pakhungu kenako nkulavula mkanda kapena kafupa komwe anabisa kale m'kamwa. Ngati mukufunadi kuyesa, musalembe kanthu pakapepala, musauze asha vuto lanu, ndipo wobwera kudzafukula asafike pakhomo tsiku lisanakwane, akafika apinde malaya manja aoneke ndipo akumbe ndi wa m'banja mwanu. Mudzaona mmene nkhani imasinthira.

Palinso amene amati ndalama ndi zake, anapereka yekha, inu zikukukhudzani bwanji. Apa ndiye ndimakana kwamtuwagalu. Munthu amene mwana wake akugwa khunyu, kapena wakhala zaka zisanu pabanja opanda mwana achibale akumunena, sali pa msika poti angakambirane mtengo nkuchoka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo wachinyengo amadikirira pakhomo pomwepo. Komanso amene amalipira si iye yekha. Fizi ya ana ndi imene imapita, feteleza wa chaka chimenecho, ndalama za banki mkhonde zomwe ndi za amayi ena khumi. Ndipo pamene papa watchula dzina la munthu kuti ndi amene anakulodza, pamakhala wina amene alipire ndi thupi lake. Sitinaiwale za ku Neno mu Januwale 2016, pamene agogo anayi a banja limodzi anaphedwa ndi anthu powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi yomwe inapha mtsikana. Amene amatchulidwa nthawi zambiri ndi nkhalamba, amasiye, anthu opanda wowaikira kumbuyo. Sindinamvepo mneneri atatchula munthu wolemera wa mumpingo mwake kuti ndiye mfiti.

Pa mbali ya matenda ndiye pamafunika kuuma mtima. Aliyense amene akuti siya mankhwala akuchipatala chifukwa ukamwa ukusonyeza kukayika, ameneyo muthaweni, kaya walipiritsa kaya sanalipiritse. Munthu akasiya mankhwala otalikitsa moyo, miyezi yoyamba amaoneka bwinobwino ndipo amakaperekadi umboni kuti ndachira, koma kachilombo kamakhala kakuchulukana m'magazi, ndipo akamadzabwerera kuchipatala thupi lafooka kale, nthawi zina mankhwala aja sagwiranso bwino. Chimodzimodzi shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu, chifuwa chachikulu. Ku Zimbabwe mu 2018 mneneri Walter Magaya analengeza kuti wapeza mankhwala a Edzi otchedwa Aguma, boma linamutengera kukhoti ndipo mu 2019 anamulipiritsa chindapusa cha madola 700. Ndalama imeneyo kwa munthu ngati iyeyo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi moyo wa munthu mmodzi amene akanataya mabotolo ake atamva nkhaniyo. Abusa abwino ndi asing'anga abwino alipo, ndipo ine ndimawazindikira pa chinthu chimodzi, amakufunsa kuti kodi kuchipatala wapitako, ndipo akaona kuti sunapite amakuuza kuti pita kaye, pemphero tipanga ndithu koma ukayezetse.

Malamulo alipo ngakhale ambiri sitiwadziwa. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito ku Malawi kuno, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, kugwira ntchito yosaka mfiti ndi mlandunso. Anthu ambiri amalidandaula lamuloli kuti ndi la atsamunda, silivomereza zomwe anthu amakhulupirira, koma pa nkhani ya gogo amene watchulidwa dzina pa guwa, ndi lomwe lingamuteteze. Kutenga ndalama za munthu pomunamiza nakonso ndi mlandu. Vuto ndi umboni, chifukwa kukhoti papa adzati chinali chopereka chaufulu ndipo palibe risiti. Nchifukwa chake ngati m'bale wanu walowa kale m'zimenezi, musafufute mauthenga a pafoni, aja otsimikiza kuti ndalama yapita ku nambala yakuti tsiku lakuti, ndi mavoisi aja akuti tumiza lisanafike Lachisanu apo ayi kugwa maliro. Mawu oopseza amenewo ndi amene amasonyeza kuti sichinali chopereka. Pitani nawo ku polisi, ku ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, ndipo ngati patchulidwa dzina la munthu wa m'mudzi dziwitsani amfumu msanga anyamata asanatenge zikwanje.

Koma m'bale wotereyu musamuyambe ndi mawu oti ndiwe wopusa. Anauzidwa kale kuti adzabwera anthu okuletsa ndipo amenewo ndiwo adani ako, ndiye mukamukalipira mukungokwaniritsa ulosi wa papa, adzakutsekerani chitseko nkumapereka mobisa. Mchemwali wa mayi uja sananyoze tchalitchi ngakhale kamodzi. Anangotenga kope nkukhala naye pansi, nkumufunsa kuti tiye tilembe zonse wapereka kuyambira tsiku loyamba, ndi zomwe analonjeza pa ndalama iliyonse. Atawonkhetsa, pamodzi ndi chiwongoladzanja cha katapila, mayi uja anaona yekha kuti ndalamayo inali yokwana kuyambiranso geni yake. Kenako anamupempha chinthu chimodzi chokha, kuti asanaperekenso kalikonse apite limodzi kukayezetsa magazi Lolemba m'mawa, ndipo thiransipoti analipira mchemwaliyo.